Mutu wa imelo ndi chiganizo choyamba: njira iti imayankhitsa bwana wotanganidwa ku Tete?

Mkulu wogula zakudya pa hotela ya mumzinda wa Tete, kapena pa kampani yophikira antchito a ku migodi ya malasha ku Moatize, sawerenga imelo atakhala phee pa desiki. Amaiona pa foni, ali m'galimoto kapena akutuluka mumsonkhano, ndipo asanatsegule amaona zinthu zitatu zokha: dzina la wotumiza, mutu wa imelo, ndi mawu ochepa oyambirira a uthenga. Pa foni mutu umadulidwa ukafika zilembo 30 mpaka 40, malinga ndi kukula kwa foniyo. Pa kompyuta umafika cha m'ma 60. Makampani ena amawonjezeranso mawu akuti `[EXTERNAL]` kutsogolo kwa imelo iliyonse yochokera kunja, ndiye malo anu amachepanso. Mutu ndi chiganizo choyamba n'zimene zimagamula ngati atsegule, atumize kwa mnzake, kapena angodutsa.

Kuti tiyerekeze bwino njira zimene anthu amagwiritsa ntchito, titenge nkhani imodzi. Tinene kuti gulu la alimi 30 a ku Angonia lili ndi mbatatesi, ndipo likhoza kupereka matani 2 pa sabata, omwe ndi matumba 40 a makilogalamu 50. Gululi lili ndi NUIT, nambala yolipirira msonkho, limatha kutulutsa fakitura, ndipo lagwirizana kale ndi mwini lole yoyenda ulendo wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulongwe kutsika ku Moatize. Mlembi wa gulu wapeza imelo ya mkulu wogula zinthu pa kampani ina yophika zakudya. Alembe bwanji? Zitsanzo ndazilemba m'Chipwitikizi chifukwa ndi chimene maofesi a kuno amawerenga.

Njira ya kalata ya ku ofesi

Iyi ndi imene ambiri timayamba nayo, popeza ndi imene tinaphunzira kusukulu polemba kalata yopempha kanthu ku boma.

```
Assunto: Apresentação da Associação dos Produtores e pedido de parceria
Exmo. Senhor Director, venho por este meio mui respeitosamente...
```

Ulemu ulimo wokwanira, ndipo palibe amene angakwiye nayo. Vuto ndi zimene zimaoneka pa foni. Mutu umathera pa `Apresentação da Associação dos Prod` basi, ndipo mzere wapansi pake wonse umadyedwa ndi mawu aulemu aja. Bwana waona mizere iwiri koma sakudziwa ngati mukugulitsa mbatatesi, mukufuna ntchito, kapena mukupempha thandizo lomangira chitsime. Choipa kwambiri ndi mawu akuti `pedido de parceria` ngati aoneka. Makampani akuluakulu a ku Tete amalandira makalata ambiri opempha thandizo, ndiye munthu wogula katundu akaona mawu amenewa amaganiza kuti ndi nkhani ya ofesi yoona za chitukuko cha m'midzi. Inu munabwera kudzagulitsa, koma mwaikidwa pamzere wa opempha.

Si kuti njira iyi n'njachabe. Ku maofesi a boma ndiyo yoyenera, ndipo kulemba mwachidule ngati wamalonda kumaoneka chipongwe. Ngati gulu lomweli likufuna kukumana ndi mkulu wa SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi malonda, pa nkhani ya nyumba yosungira mbatatesi, kalata yapapepala yolowa ku sekeretariya n'kudindidwa chidindo ndiyo imakhala ndi mphamvu. Imelo imangotsatira pambuyo, ndipo mutu wake utchule nkhani ndi tsiku limene kalata inalowa, monga `Pedido de audiência: armazém de batata, carta de 12/05`, kuti mlembi wa bwana aipeze msanga m'faelo. Dziwaninso kuti boma siligula katundu chifukwa cha imelo yokoma. Kugula kumadutsa ku UGEA, nthambi yoona zogula katundu ya ofesi iliyonse, potsatira malamulo ogulira katundu wa boma, ndiye imelo yopita kumeneko ikhale yofunsa za ndondomeko, osati yonyengerera.

Njira yotchula katundu ndi chiwerengero

Kwa wogula wa kampani kapena hotela amene simukudziwana naye, ine ndimasankha iyi.

```
Assunto: Batata de Angónia: 2 toneladas/semana
Bom dia, Sr. Director. Podemos entregar 2 toneladas de batata-reno
por semana na vossa cozinha em Moatize, às terças e sextas, com factura.
```

Mutuwu uli ndi zilembo 37. Ngakhale foni itadula kumapeto, mawu ofunika aoneka kale: katundu, kumene akuchokera, ndi kuchuluka kwake. Dzina la Angonia likugwira ntchito pano, chifukwa aliyense wogula zakudya ku Tete amadziwa kuti mbatatesi yabwino imatsika kuchokera kumtunda kozizira, ku Angonia ndi ku Tsangano. Dzina la gulu lanu sakulidziwa, n'chifukwa chake lapita pansi, pamene mwasainira.

Chiganizo choyambacho tichione bwino, chifukwa mbali iliyonse ikuyankha funso limene wogula ali nalo m'mutu. Akamva kuti matani 2 pa sabata, amadziwa nthawi yomweyo ngati mukukwana pa khitchini yake kapena ayi. Akamva kuti mudzafikitsa pakhomo ku Moatize, amadziwa kuti sadzafunika kutumiza galimoto kumtunda. Kutchula Lachiwiri ndi Lachisanu kukuonetsa kuti mukudziwa kutentha kwa kumunsi, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo mbatatesi younjikidwa m'sitolo yopanda mpweya sichedwa kufota ndi kuola. Wogula aliyense angakonde tani imodzi kawiri pa sabata kusiyana ndi matani 8 kamodzi pa mwezi. Mawu omaliza akuti `com factura` ndi amene amasiyanitsa inu ndi ogulitsa a pamsika, popeza kampani singalipire popanda fakitura yokhala ndi NUIT, ndipo alimi ambiri amagwera pamenepa.

Pali ubwino wina umene anthu saulingalira. Kawirikawiri imelo imene mwapeza si ya munthu woyenera. Mwalembera dairekitala, koma amene amagula ndiwo zamasamba ndi wina wapansi pake. Mutu womveka umalola bwanayo kutumiza imelo kwa mnzakeyo ndi mawu awiri okha, osaiwerenga n'komwe mpaka pansi, ndipo wolandirayo amayankha msanga chifukwa yachokera kwa bwana wake. Akaona mutu woti `Apresentação` sangadziwe n'komwe woti amutumizire.

Njirayi ili ndi malire ake. Chiwerengero chimene mwalemba chimakumangani. Ngati matani 2 amapezeka nthawi yokolola yokha, nenani miyezi yake m'chiganizo chachiwiri, chifukwa khitchini imaphika chaka chonse ndipo funso loyamba la wogula lidzakhala loti miyezi ina mudzatani. Ngati ena mwa alimi ali ndi madimba othirira, tchulani. Mtengo wokha musauike pamutu. Mtengo wa mbatatesi umasintha ndi nyengo, ndipo mukauika pamwamba munthu amauyerekeza ndi wa pamsika asanamve kuti wanu ukuphatikiza mayendedwe ndi kusankha zazikulu zokhazokha. Komanso njirayi imafuna kuti katundu wanu akhale wowerengeka. Munthu wogulitsa ntchito ngati kukonza makompyuta kapena kuphunzitsa antchito ayenera kufufuza chinthu china chogwirika choti atchule, monga masiku amene ntchito imatenga kapena malo amene amafika.

Ena adzati kulemba chonchi n'kupanda mwambo, kuti munthu wamkulu sumuyamba ndi nkhani usanamupatse moni. Ndi zoona kuti pamaso m'pamaso simungachite zimenezo. Koma taonani kuti moni ulipo, `Bom dia, Sr. Director`, mawu anayi, ndipo udindo wake watchulidwa. Umene tachotsa ndi moni wautali woti tikuyembekeza kuti imelo iyi ikupezani muli bwino pamodzi ndi banja, umene umadzaza mzere wonse wooneka pa foni. Ulemu wotsalawo uikeni kumapeto, pothokoza ndi potsanzika ndi `Com os melhores cumprimentos`. Kumeneko mungautalikitse mmene mungafunire.

Njira yotchula amene wakutumani

Ngati pali munthu amene bwanayo amamudziwa ndipo wakulozerani, njira iyi imaposa zonse.

```
Assunto: Indicação do Sr. Fulano: batata de Angónia
Bom dia. O Sr. Fulano, do vosso armazém, sugeriu que lhe escrevesse
sobre o fornecimento de batata-reno.
```

Imagwira ntchito chifukwa bwana akanyalanyaza imeloyi wanyalanyaza mnzake, amene mawa adzakumana naye pakhonde. Kuno kwathu, kumene malonda ambiri amayenda podziwana, zimenezi n'zolemera. Koma pali zinthu ziwiri zoti musamale. Choyamba, pemphani chilolezo kwa mwini dzina, ndipo mumuuze zenizeni zimene mulembe. Bwana akamuimbira foni iye n'kuyankha kuti anangokumana nanu pamaliro ndipo sakudziwa za mbatatesi, khomo limenelo latsekeka, ndipo mwamuchititsanso manyazi munthu wosalakwa. Chachiwiri, ganizirani kuti dzinalo ndi la ndani. Wogwira naye ntchito, kasitomala wanu wakale, kapena mlangizi wa zaulimi amene anaona minda yanu, onsewo ndi abwino. Wachibale wa bwanayo kapena wamkulu wandale ndi nkhani ina. Makampani akuluakulu ali ndi malamulo oletsa kukondera pogula katundu, ndipo imelo ndi umboni wolembedwa. Wogula wochenjera akaona dzina la mlamu wake pamutu wa imelo ya kuntchito amaopa kuigwira.

Onaninso kuti mutu wa chitsanzochi sunasiye katundu. Dzina lokha limatsegulitsa imelo, koma patatha milungu iwiri bwana akamafufuza mu foni adzalemba `batata`, osati dzina la amene anakutumani. Ngati dzinalo n'lalitali moti likukankhira katundu kunja kwa zilembo zooneka, sinthanitsani: katundu atsogole, dzina libwere m'chiganizo choyamba.

Njira ya funso

Funso limathandiza pamene simukudziwa woyenera kumulembera, makamaka ngati muli ndi imelo ya kampani yonse yoyamba ndi `info@` kapena `geral@`. Mutu ngati `Quem trata da compra de hortícolas?` ndi wosavuta kuyankha. Mlembi kapena aliyense woutsegula angayankhe ndi dzina limodzi, osalonjeza kanthu. Ndiye mwapeza njira yotchula amene wakutumani ija mwaulere, chifukwa imelo yanu yotsatira iyamba ndi kunena kuti a ku ofesi yakutiyakuti ndi amene akupatsani dzina lake. Mtengo wake ndi nthawi, popeza mwawonjezera sitepe imodzi.

Funso limene sindilikonda ndi la otsatsa malonda, loti kodi mukufuna kuchepetsa ndalama zimene mumawononga pa chakudya. Aliyense amadziwa kuti limeneli latumizidwa kwa anthu mazana, ndipo kwa munthu wamkulu limamveka ngati mukumuuza kuti ntchito yake sakuidziwa.

Njira zochenjera

Izi sindichedwa nazo. `URGENTE!!!` pa nkhani yosafulumira, `Re:` kapena `Fwd:` pa imelo yoyamba kuti ioneke ngati munakambirana kale, ndi mutu wobisa nkhani ngati `Uma oportunidade única`. Zimatsegulitsa ndithu, kamodzi. Munthu akazindikira kuti mwamupusitsa pamutu, sangakhulupirire kuti matumba anu adzakwana makilogalamu 50. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha ndi zizindikiro zofuula zambiri ndi maonekedwe a mauthenga achinyengo, moti zingathandize kukankhira imelo yanu ku `Spam`.

Kusankha, ndi zotsatira pambuyo pa chiganizo choyamba

Mlembi wa gulu lathu lija achite chonchi. Ayambe wafunsa pakati pa alimi ndi madalaivala ngati pali amene amadziwana ndi wina wa pa kampaniyo. Ngati alipo ndipo wavomera, aphatikize dzina ndi katundu. Ngati palibe koma imelo ya wogula ilipo, atenge njira ya chiwerengero. Ngati ali ndi imelo ya kampani yonse basi, afunse funso lija kaye. Asalembere mgodi weniweniwo poganiza kuti ndiwo umagula mbatatesi. Makampani akuluakulu nthawi zambiri amapereka ntchito yophika kwa kampani ina, ndipo dzina lake amalidziwa ndi antchito amene amadya kumeneko. Za chilankhulo, kuyambira 2022 pamene Vale inagulitsa mgodi wake wa ku Moatize kwa Vulcan, kampani ya eni ake a ku India, sizachilendo kupeza mabwana owerenga Chingerezi kuposa Chipwitikizi. Ngati mwatsimikiza kuti amene mukumulembera ndi wotero, lembani m'chilankhulo chake, koma musaike zilankhulo ziwiri pamutu umodzi chifukwa malo ndi ochepa kale.

Chiganizo choyamba chikatha, imelo isapitirire mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo ithere pa pempho limodzi laling'ono. Kupempha msonkhano n'kupempha ola lathunthu kwa munthu amene alibe. Pempho ngati `Posso deixar um saco de amostra na sexta-feira?` likhoza kuyankhidwa ndi liwu limodzi, ndipo thumba lachitsanzo likafika m'khitchini, wophika ndi amene amayamba kukulankhulirani. Nambala ya foni yokhala ndi WhatsApp ikhale pansi pa dzina lanu, chifukwa ambiri amayankhira kumeneko. Mapepala a gulu, zithunzi za minda ndi mndandanda wa mitengo musaphatikize pa imelo yoyamba. Mafaelo olemera ochokera kwa mlendo amakayikitsa, ndipo makompyuta a makampani ena amawatsekereza. Ingonenani kuti alipo ndipo mutumiza akafuna.

Dzina la wotumiza nalonso likonzeni musanalembe chilichonse. Ambiri tinatsegula Gmail tili achinyamata, ndi maina amasewera kapena a timu ya mpira, ndipo dzina limenelo ndi limene limaoneka pamwamba pa mutu, m'zilembo zakuda. Lowani mu `Definições` pa kompyuta mulisinthe likhale dzina lanu lenileni ndi la gulu. Mukatha, dzitumizireni imeloyo pa foni ya mnzanu, muone osaitsegula. Ngati mnzanuyo sangathe kunena chimene mukugulitsa poyang'ana mizere itatuyo, bwana nayenso sangathe.

Mungadziwe bwanji pamene palakwika

Gmail wamba sakuuzani ngati imelo yatsegulidwa, ndiye muyenera kuwerenga mayankho. Ngati mwalembera ogula khumi osiyanasiyana ndipo palibe ngakhale mmodzi wayankha, kayikirani mutu, dzina la wotumiza, kapena kuti maimelo akugwera ku `Spam`. Imbirani mmodzi mufunse mwaulemu ngati inafika. Ngati akuyankha kuti atumiza ku ofesi yoona za m'midzi, mawu anu akumveka ngati opempha thandizo, ndipo fufuzani mawu ngati `apoio` ndi `parceria` muwachotse. Ngati yankho ndi lofunsa kuti kwenikweni mukufuna chiyani, mutu unagwira ntchito koma chiganizo choyamba chinazungulira. Ngati akufunsa mtengo, kapena akuti ali kale ndi wowapatsa katundu, imelo yachita ntchito yake yonse, zotsalazo ndi zamalonda. Woti ali kale ndi wina mufunseni mwezi umene katundu amawavuta kupeza, mulembe penapake.

Pakakhala chete, dikirani masiku anayi kapena asanu a ntchito, kenako yankhani pa imelo yomwe ija kuti zonse zikhale pamodzi. Apa `Re:` ndi woona. Musayambe ndi kudandaula kuti sanakuyankheni, kapena kufunsa ngati anaona uthenga wanu. Yambani ndi chinthu chatsopano chokhala ndi tsiku, monga kuti lole yanu ikutsika ku Moatize Lachisanu lino ndipo ingathe kusiya thumba lachitsanzo pageti nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ku maofesi a boma, amene amatseka 15:30, chikumbutso chotere chitumizeni m'mawa, ndipo mutchule tsiku limene kalata yanu inadindidwa. Mukakumbutsa kawiri popanda yankho, siyani imelo, mufufuze nambala ya woyang'anira sitolo ya katundu kapena wophika wamkulu.